Dzino lomata likumangomatuka: tilimate ndi galasi ayonoma kapena kompoziti?

Bambo wina wa zaka za m'ma 60 anafika m'chipinda changa chogwirira ntchito atakulunga kanthu m'kapepala ka kope la mwana wasukulu. Atakafunyulula ndinaona kachidutswa koyera, kakang'ono kuposa njere ya mpunga. "Adokotala, kagwanso. Aka n'kachiwiri." Kanali kompoziti amene ndinamata ine ndemwe milungu isanu m'mbuyomo, pakhosi pa dzino la m'munsi chakumanja, pamalo pamene dzino limakumana ndi nkhama. Ulendo woyamba kanakhala miyezi iwiri. Ulendo wachiwiri ndinasamala kwambiri, koma kanagwa msanga kuposa poyamba.

Ndikulemba izi makamaka kwa anzanga amene timamata mano tsiku ndi tsiku, ndi ophunzira amene angoyamba kugwira odwala, ngakhale kuti aliyense amene dzino lake limamatukamatuka apezamo zomuthandiza. Chomatira chikagwa, ambiri timathamangira kubwezeretsa chomwecho, kapena timanena kuti mankhwala a masiku ano ndi osalimba. Koma kachidutswa kamene kagwa ndi bowo limene katsala zimanena zokha chimene chinalakwika, tikangodekha n'kuziyang'ana tisanayambe kutsuka.

Zomatira ziwirizi zimagwira dzino mosiyana

Kompoziti ndi utomoni wa pulasitiki wosakaniza ndi timiyala tosalala kwambiri ta galasi. Payekha sagwira dzino ngakhale pang'ono. Timayamba tapaka asidi wa fosiforiki, kawirikawiri wa 37 peresenti, amene amakumba timaenje tosaoneka ndi maso pa enamelo, chikuto cholimba cha kunja kwa dzino, ndi kutsegula timachubu ta dentini, gawo la dzino la pansi pa enameloyo. Kenako timapaka bondi, utomoni wamadzimadzi womatira, amene amalowa m'timaenjemo n'kuuma ndi kuwala kwa nyale, ndipo kompoziti amagwira pa bondiyo. Njira yokumba enamelo ndi asidiyi anailongosola Michael Buonocore mu 1955, ndipo mpaka lero mphamvu yonse ya kompoziti yagona pa kuyera kwa timaenje timeneti. Malovu akangopakhudza, ngakhale kwa kamphindi, mapuloteni ake amakuta pamalopo ndipo bondi amangokhala pamwamba ngati penti pakhoma la fumbi.

Galasi ayonoma ndi nkhani ina. Anamupanga Alan Wilson ndi Brian Kent ku London, ndipo analengeza za iye mu 1972. Ndi ufa wa galasi lokhala ndi aluminiyamu, fulorayidi ndi kashiyamu kapena sitironshiyamu, wosakaniza ndi madzi a asidi wa poliyakiriliki. Asidiyo akakumana ndi ufa amayamba kuumitsa phalalo, ndipo nthawi yomweyo amagwirana ndi kashiyamu wa m'dzino lenilenilo. Safuna bondi, safuna nyale. Madzi ndi mbali ya thupi lake, n'chifukwa chake dentini wa chinyontho samuvuta.

Pa kulimba, kompoziti ali patali. Akamayesa kupinda kandodo ka chomatira mpaka kathyoke, kompoziti wabwino amapirira kupyola 100 MPa pa muyeso wa mphamvu yopindayo, pamene galasi ayonoma wamba amathyoka asanafike ngakhale theka la pamenepo. Galasi ayonoma amapirira ndithu kuponderezedwa, koma ndi wosachedwa kusweka ngati mphika wadothi: ukamuphwatalala n'kumupinda, amathetheka. Tsono mafunso amene ndimadzifunsa ndisanatsegule botolo lililonse ndi awiri. Kodi malo ano nditha kuwateteza ku malovu ndi magazi kuyambira pa asidi mpaka nyale yomaliza? Nanga malo ano adzalandira mphamvu yotafuna, makamaka m'mphepete mwa dzino?

Chagwa chonse, bowo latsala loyera

Tibwerere kwa bambo aja. Nditayang'ana kachidutswako ndi galasi lokuza, mbali imene inagona padzino inali yosalala, yonyezimira, ndipo chakumunsi kwake kunali kamzere kofiirira. M'bowomo munalibe ngakhale kanyenyeswa ka kompoziti kotsalira. Chomatira chikachoka chathunthu chotere, sichinathyoke ayi, koma sichinagwire n'komwe. Kamzere kofiirirako kanali magazi.

Zifukwa zinali zitatu, ndipo zonse ndikanatha kuziona pa ulendo woyamba. Choyamba, bowolo silinali la kuwola. Linali kampata kooneka ngati potema ndi nkhwangwa, kamene kamabwera pakhosi pa dzino mwa anthu amene akhala zaka zambiri akutsuka mano mopingasa ndi mswachi wolimba. Dentini wa m'mipata yotere amakhala wouma gwa, wachikasu, wowala ngati galasi, timachubu take titatsekeka, ndipo asidi samukumba bwino. Chachiwiri, mphepete ya m'munsi inali pamuzu, pamene palibe enamelo. Kompoziti amagwira enamelo modalirika kwambiri kuposa dentini, ndipo akamauma amanyala pang'ono, mwina magawo awiri kapena atatu pa 100. Ponyalapo amakokera kumene wagwira zolimba, ndiko kumtunda kwa enamelo, n'kusiya kampata kumunsi. Chachitatu, nkhama ya bambowo inali yotupa. Ndikangoikhudza ndi thonje inkachucha magazi pang'ono, ndipo ngakhale nkhama yosatulutsa magazi imakha timadzi take m'kangalande kozungulira dzino. Ndinalibe chotsekera cha labala chotchinga malovu chokwana dzino limenelo, ndipo thonje lokha silitseka madzi ochokera pansi pa nkhama.

Tsiku limenelo sindinamate. Ndinawachotsa litsiro louma m'mphepete mwa nkhama, ndinawaonetsa katsukidwe kozunguza ndi mswachi wofewa, n'kuwauza abwerenso pakatha sabata. "Bambo, nkhamayi ikasiya kutuluka magazi, ntchito yathu ikhala." Anadandaula za ndalama ya minibasi, ndipo ndinawamvetsa, koma kumata tsiku lomwelo kukanawayendetsabe ulendo wina chomatira chikagwanso.

Atabwera nkhama inali itafota bwino. Ndinatsuka mpatawo ndi phala la pamisi lopanda mafuta kuti ndichotse kanembanemba ka malovu kamene kamakuta dzino. Ndinaika thonje kutsaya ndi pansi pa lilime. Ndinapaka kondishona, amene ndi asidi wa poliyakiriliki wofatsa, kwa masekondi 10 monga mwa malangizo a amene tinali naye, n'kutsuka, kenako n'kuphaphitsa ndi kathonje kouma. Sindinapemerere mphepo. Dentini anatsala wonyezimira pang'ono, wopanda dziwe la madzi. Ndinasakaniza galasi ayonoma wolimba uja wa phala lokhuthala, n'kumuika akadali wowala, n'kumukanikiza ndi kapepala ka pulasitiki kopindika ngati khosi la dzino mpaka ataumba. Pochotsa kapepalako ndinapaka vaselini nthawi yomweyo, ndinadula zotsalira ndi mpeni wakuthwa kuchokera pachomatira kupita kudzino, n'kupakanso vaselini. Ndinawauza asadye kanthu kwa ola limodzi ndipo asatsukepo mwamphamvu tsikulo. Kusalaza kwenikweni ndinachita tsiku lina atabwera kudzachotsa dzino la mdzukulu wawo.

Pamalo ngati amenewa galasi ayonoma ndiye mwini bwalo. Palibe mphamvu yotafuna yomugwera mwachindunji, amagwira dentini wokalamba uja popanda kudalira timaenje, ndipo amafufuma ndi kunyala ndi kutentha mofanana kwambiri ndi dzino. Choipa chake ndi maonekedwe. Ndi wotuwa, salowa kuwala ngati kompoziti, ndipo pakapita zaka amakhakhala. Pa dzino la m'munsi la bambo wachikulire zimenezo si nkhani. Pa dzino lakutsogolo la m'mwamba la mtsikana amene akamwetulira nkhama zimaonekera, ndimalimbana kuti ndipeze njira youmitsira malo n'kuika kompoziti, kapena ndimasankha galasi ayonoma wosakaniza ndi utomoni, amene amauma ndi nyale ndipo amaoneka bwinoko.

Mawu akuti "saopa chinyontho" asocheretsa ambiri

Apa ndikhalitsapo, chifukwa galasi ayonoma wambiri amene ndamuona atalephera anafa ndi mawu amenewa. Wophunzira amamva kuti saopa chinyontho, ndiye amamata m'kamwa mwa mwana modzaza malovu, osaika ndi thonje lomwe. Chinyontho chimene iye amalola ndi cha dentini woyera amene watsukidwa n'kuphaphitsidwa. Malovu ndi magazi zimatchinga pakati pa asidi wake ndi kashiyamu wa dzino monga zimatchingira bondi. Kusiyana kwake n'kwakuti iye amakhululuka pang'ono, ndiponso nthawi imene muyenera kuteteza malo ndi yaifupi, mphindi zochepa chabe, pamene kompoziti amafuna kuti muwine nkhondoyo pa asidi, pa bondi ndi pa gawo lililonse limene mukuumitsa.

Ndipo akangolowa m'dzino, galasi ayonoma amaopa madzi kuposa kompoziti. M'mphindi zoyamba zija mkati mwake mukumangidwa, ndipo malovu akamufika amakokolola zomangirazo. Mudzamudziwa pakapita masiku: pamwamba pamakhala poyera ngati choko, pofewa, ndipo mukakanda ndi chitsulo pamanyenyeka. Akaumanso kwambiri ndi vuto lina. Mukamupemerera mphepo kapena kumusiya pansi pa nyale ya mpando nthawi yaitali m'kamwa muli yasa, amataya madzi ake n'kung'ambika timing'alu tambirimbiri ngati dambo la mu Okutobala. Mankhwala a mavuto onse awiriwa ndi amodzi, ndipo ndi otchipa: kumuphimba ndi vanishi wake kapena vaselini atangoumba. Kukhwima kwake kumapitirira kwa maola 24 ndi kupyola, choncho tsiku loyamba ndi lofunika kumusamala.

Kasakanizidwe ndi pamene pamagona theka la mlandu. Ufa ukachepa, phala limakhala losavuta kuika, koma limauma mochedwa, limakhala lofooka ndipo limasungunuka m'kamwa. Ufa ukachuluka, asidi yense amathera mu ufawo osatsala wogwira dzino, ndipo chomatira chimagwa chathunthu ngati cha bambo aja. Gwedezani botolo la ufa kuti ufawo utakasuke, tungani ndi kasipuni kake n'kusalaza pamwamba. Botolo la madzi ligwireni choimirira, mozondotsa, ndipo dikirani kuti dontho ligwe lokha lopanda thovu. Dontho la thovu musaligwiritse ntchito posakaniza, ndi loperewera, koma mutha kulisunga pambali kuti likhale kondishona ngati wopanga walola. Gawani ufa pawiri, sakanizani gawo loyamba, kenako lachiwiri, zonse zithe m'masekondi osapitirira 30. Pindani phalalo, musalipere ngati mukusinja.

Chizindikiro chimodzi chimene ndimaphunzitsa aliyense ndi kuwala kwa phala. Likamanyezimira ndiye kuti asidi akadalipo wogwira dzino. Likazilala, litayeni, ngakhale mtima upweteke chifukwa botolo latsala pang'ono. Nthawi yogwirira ntchito imene imalembedwa papepala la m'bokosi anaiyeza pa madigiri 23. M'nyengo yotentha kuno kwathu, makamaka kuchigwa ndi m'mbali mwa nyanja, m'chipinda mumatentha kuposa pamenepo ndipo phala limathamanga kuuma. Konzekeranitu zonse musanadonthetse madzi, dzino likhale lokonzeka, wothandiza akhale ataima pafupi. Kusakanizira pa galasi lozizira kumaonjezera nthawi, bola lisakhale lozizira mpaka kuchita thukuta, chifukwa madzi amenewo alowa m'phala. Ndipo tsekani mabotolo mukangotunga. Ufa umayamwa chinyontho cha m'nyengo ya dzinja, madzi ake amakhuthala akakhala pamphepo, ndipo mudzangodabwa kuti botolo lomwelo lasintha khalidwe.

Chathyoka, koma zidutswa zakakamira m'bowo

Mayi wina wachitsikana anabwera akudandaula kuti nyama ndi ndiwo zamasamba zikumakakamira pakati pa mano akumbuyo, ndipo nkhama ikumapweteka akatha kudya. Dzino lake lalikulu loyamba la m'munsi linamatidwa chaka chathacho ndi galasi ayonoma, bowo lake lochokera pamwamba n'kutsikira m'mbali yoyang'anizana ndi dzino linzake. Pamwamba chomatira chinalipo, chitaphwa pang'ono ngati mbale. Koma kampanda ka m'mphepete, kamene kamagundana ndi dzino loyandikana nalo, kanali katathyoka n'kuchoka. Pansi ndi m'makoma a bowo galasi ayonoma anali atakakamira nga.

Chithunzichi n'chosiyana kotheratu ndi cha bambo aja. Apa kugwira kunalibe vuto. Chomatira chinagonja chifukwa anachisenzetsa katundu woposa msinkhu wake. Kampanda ka m'mphepete ka dzino lakumbuyo kalibe khoma lokachirikiza mbali imodzi, ndipo nthawi iliyonse munthu akatafuna chimanga chokazinga kapena kuluma mzimbe, kamapindidwa. Kumeneko n'kumene galasi ayonoma amafooka. M'bowo la pamwamba pokha, lozunguliridwa ndi makoma a dzino mbali zonse, amakhala zaka zambiri. Bowo likadya mbali ziwiri kapena zitatu, kulephera kwake kumachuluka, ndipo bowo likamakula ndi pamene zimaipiraipira.

Sindikuweruza amene anamata poyamba. Mwina tsikulo magetsi anali atazima, mwina bondi anali atatha, ndipo kutseka bowo ndi chimene chilipo kumaposa kumubweza munthu ndi dzino lotseguka. Chofunika n'kumuuza wodwala kuti ichi n'chongoyembekezera, abwerenso.

Kwa mayiyu sindinachotse zonse. Chithunzi cha X-ray chinaonetsa kuti pansi panalibe kuwola kwatsopano, ndiye galasi ayonoma wa pansiyo ndinamusiya ngati maziko. Ndinamusema kuti pamwamba patsale malo a mamilimita awiri, ndinayeretsa mphepete zonse za enamelo, ndinamanga chotsekera cha labala, n'kuika lamba wachitsulo ndi kamphero kake pakati pa mano. Asidi ndinayamba kupaka pa enamelo, masekondi pafupifupi 30, pa dentini 15 okha. Kenako bondi, kenako kompoziti m'magawo osapitirira mamilimita awiri, kuyambira ndi kampanda kothyoka kaja. Kuphatikiza kotereku, galasi ayonoma pansi ndi kompoziti pamwamba, n'kothandiza pa mabowo akuya: wina amagwira dentini, wina amasenza katundu. Pamene mphepete ya bowo yatsikira pansi pa nkhama, ena amasiya galasi ayonoma akuonekera m'munsimo. Zimatheka, koma amene waonekerayo amatha kusungunuka pang'onopang'ono mwa munthu wosatsuka bwino pakati pa mano, choncho pamafunika kumaonapo.

Kompoziti walephera pamalo pouma bwino

Nthawi zina malo munawateteza bwinobwino, koma m'miyezi yochepa mphepete zada, kapena chomatira chatha msanga, kapena chagwa. Zikachitika kwa odwala angapo motsatizana, lekani kukayikira dzanja lanu, yambani mwafufuza zida.

Yambani ndi nyale. Nyale youmitsira imafooka osakuuzani, imawalabe buluu bwinobwino. Yang'anani kunsonga kwake ngati kwakakamira kompoziti wouma kapena kwang'aluka. Ngati mulibe choyezera mphamvu yake, dzazani kompoziti m'kachubu kakafupi kosalowa kuwala m'mbali, muunikire kumtunda kwa nthawi imene mumagwiritsa ntchito, mumutulutse n'kupala kumunsi ndi chitsulo cha pulasitiki. Chimene chatsala cholimba muchigawe pawiri, ndipo kumeneko ndiye kuya kumene mungadalire. Ngati sikukwana mamilimita awiri, onjezani nthawi, chepetsani magawo, ndipo nyaleyo ikonzedwe. Kompoziti wa mtundu wakuda amafuna nthawi yotalikirapo. Nsonga ya nyale ikhale pafupi ndi dzino, yolunjika, chifukwa ikatalikira mamilimita ochepa okha mphamvu imatsika kwambiri, ndipo pansi pa bowo la pakati pa mano m'pamene pamavutika. Kompoziti wosapsa amakhala wolimba pamwamba, wofewa pansi, ndipo maso sangaone.

Kenako pemererani mphepo ya mpando pagalasi loonera m'kamwa. Mukaona timadontho ta madzi kapena mafuta, ndiye kuti mwakhala mukuthira zimenezo pa dzino lililonse limene mumati mukuumitsa. Makina opopa mphepo amafuna kukhetsedwa madzi kawirikawiri, makamaka nthawi ya mvula. Chachitatu ndi botolo la bondi. Muli mowa kapena asetoni amene amauluka botolo likakhala chotsegula kapena pamalo otentha, ndipo bondi akakhuthala salowa m'dentini. Funsaninso chimene chinali m'dzinomo poyamba. Chomatira chongoyembekezera chija chonunkhira mafuta a yujinolo chimalepheretsa utomoni kuuma, choncho chichotsedwe chonse ndi kutsuka bwino musanaike kompoziti.

Pali cholakwa china cha dzanja chimene ambiri tinachiphunzira mobwerera. Enamelo wopakidwa asidi amafuna kuuma mpaka kutuwa. Dentini wopakidwa asidi ayi. Asidi amasiya ulusi wa kolajeni utaima ngati udzu, ndipo mukaupemerera kwambiri umagwa n'kuphatana, bondi osalowa. Muumitseni mofatsa atsale ndi chinyontho. Ndipo malovu akalowa mutapaka kale asidi, musangoumitsa n'kupitiriza. Tsukani, umitsani, pakaninso asidi kwa masekondi ochepa.

Kwa ana, ndi kumene kulibe magetsi

Mwana wa zaka zinayi sakupatsani mphindi khumi za m'kamwa mouma. Pa mano oyamba a ana, m'mabowo a mbali imodzi, galasi ayonoma ndiye ndimayamba kuganizira, ndipo dzinolo nthawi zambiri limaguluka lokha chomatira chikadalipo. Njira yomata ndi zida za m'manja zokha, yotchedwa ART, (si ART ya mankhwala otalikitsa moyo imene tinaizolowera m'zipatala zathu) inayambira ku Tanzania m'zaka za m'ma 1980 ndi Jo Frencken, ndipo yagona pa galasi ayonoma wokhuthala. Mumakolopola zowola ndi kasipuni, kuonetsetsa kuti m'mphepete mwa bowo mwayera mpaka pa dzino lolimba, n'kuika phala, kenako n'kulikanikiza ndi chala cha gulovu chopakidwa vaselini kuti lilowenso m'timingalande ta pamwamba pa dzino. Mu 2021 Bungwe Loona Zaumoyo Padziko Lonse linaika galasi ayonoma pa mndandanda wake wa mankhwala ofunikira.

Chimene chimagwetsa zomata za njirayi kawirikawiri ndi m'mphepete mosayera. Pansi pafupi ndi mtsempha mutha kusiya dentini wofewerapo kuti musaboole, koma pakamwa pa bowo payenera kukhala polimba, apo ayi chomatira chagwira pa chinthu chimene chikunyenyeka chokha. Za fulorayidi: galasi ayonoma amamutulutsadi, wambiri m'masiku oyamba kenako pang'onopang'ono, ndipo amayamwanso wina kuchokera m'mankhwala otsukira mano. Zimathandiza m'mphepete mwa chomatira mwa munthu amene mano ake amawola msanga, koma sizingagonjetse mwana amene amagona ndi switi m'kamwa.

Chomatira chilipo, koma dzino likupweteka

Wodwala akabwera chomatira chili m'malo koma akumva ululu, musathamangire kuchisintha ndi cha mtundu wina. Mufunseni kuti ululu umabwera liti. Ngati ndi poluma pokha, yambani ndi kapepala kodinda mano. Chomatira chotalika pang'ono chabe chimalandira mphamvu yonse ya nsagwada, ndipo kuchisema pang'ono kumathetsa nkhani. Ngati kutalika kuli bwino koma kukanikiza pakati penipeni pa kompoziti kukulasa, ganizirani kampata pansi pake, pamene bondi sanagwire kapena kompoziti ananyala n'kudzuka, kawirikawiri chifukwa anaikidwa chibulumwa chimodzi m'bowo lakuya. Chimenecho chimafuna kumatanso, ndipo pobwereza ndimaika galasi ayonoma pansi.

Kuyayamira ndi madzi ozizira kumene kumatha m'masekondi ochepa kumachitika m'masiku oyamba, makamaka ndi kompoziti, ndipo kumayenera kumachepa sabata ndi sabata. Ndimamuuza wodwala abwere pakatha milungu iwiri, kapena msanga zikamakula. Galasi ayonoma nayenso amatha kulasa ngati dentini anaumitsidwa kwambiri, chifukwa phala limakoka madzi m'timachubu ta dzino. Koma ululu wobwera wokha, wodzutsa munthu usiku, kapena wokhalitsa akamwa tiyi wotentha, si wa chomatira chilichonse. Umenewo ndi mtsempha wa dzino umene watupa mosabwerera, ndipo zotsala ndi kuchotsa mtsempha kapena kuzula dzino. Kumatula n'kumatanso dzino lotere kumangomuchedwetsa munthu ali mu ululu.

Bambo a kapepala aja ndinawaonanso patatha zaka ziwiri, atabwera ndi dzino lina logwedera. Chomatira chija chinalipo. Chinali chitada pang'ono ndi tiyi ndipo pakati pake panali pataphwa chifukwa mswachi wolimba sanausiye. Ndinachitsuka, ndinapakapo kondishona, n'kuonjezera galasi ayonoma watsopano pamwamba pa wakaleyo, ndipo ulendo uno ndinawauza abwere ndi mswachi wawo kuti tiusinthe limodzi.